Magalasi a Holo ya ku Bangwe

Zeinabu Majidi anayamba ntchito ya ukalaliki m'nyengo yozizira ya chaka cha 1983, pa kampani yaing'ono ya ku Chirimba yowotcherera mafelemu a mawindo ndi zitseko zachitsulo. Ankakhala ku Mbayani ndi mayi ake, ndipo m'mawa ankapita ku ntchito wapansi, nsapato za mu ofesi atazikulunga m'pepala kuopa fumbi. Anamulemba moyesa kaye. Ngati miyezi itatu ikanatha bwino, ndiye kuti ntchito inali yake.

Mu ofesimo munali matebulo awiri ndi chitseko cholowera kwa a Hawkins Namaona, omwe ankayang'anira maoda onse ndipo ndiwo ankamupatsa Zeinabu zochita. A Namaona anali munthu wosayankhulayankhula. Ali mnyamata ankawotcherera zitsulo, ndipo zipsera za moto zinali zikuonekabe m'manja mwawo. Tebulo limodzi linali la Zeinabu, linalo la mayi Petronela, omwe ankasunga mabuku a kampani ndipo anali atakhalitsa pamenepo kuposa wina aliyense. Panja, pansi pa shedi ya malata, ntchito inkayendetsedwa ndi kapitawo, a Gregorio.

Masiku amenewo kampani yonse inali pa ntchito imodzi. Ku Bangwe anali kumaliza holo yatsopano, ndipo nduna inali kubwera kudzaitsegula Loweruka. Mafelemu a mawindo anali atatha, ambiri atawaika kale m'makoma. Chinatsala n'magalasi, omwe ankawadula ku sitolo ina ya ku Limbe molingana ndi miyeso imene kampani yatumiza.

Lolemba a Namaona anamupatsa Zeinabu fayilo ya holoyo akutuluka, n'kumuuza kuti atayipe oda ya magalasi kuti dalaivala apite nayo ku Limbe tsiku lomwelo. M'fayilomo munali mapepala awiri a miyeso. Lina linali lotayipidwa bwino, la mutu wa kampani pamwamba. Linalo linali lolembedwa ndi pensulo, lothimbirira ndi girizi, lopindika m'makona. Zeinabu anaganiza kuti la pensulolo ndi lakale, loyesera chabe, ndipo lotayipalo ndiye lenileni. Anakopera manambala mosamala, anawawerenga kawiri, sanaphonye ngakhale imodzi. A Namaona atabwerera anasaina odayo ataimirira, lamya ili kukhutu, ndipo dalaivala anaitenga.

Lachitatu m'mawa a Gregorio analowa mu ofesi kudzafunsa ngati ku Limbe anenapo za tsiku lobweretsa magalasi. A Namaona anali atapita kale ku Bangwe. Zeinabu anawayankha kuti magalasi afika mawa lake. A Gregorio anagwedeza mutu, n'kuyamba kudandaula mocheza za holoyo: kuti mwezi watha akuluakulu a chipani atabwera kudzaiona ananena kuti mawindo ndi afupi, anthu adzabanika, ndipo iwo anachita kuwotchereranso mafelemu onse kuwatalikitsa. Anati miyeso yatsopanoyo anachita kuilemba okha ndi pensulo atagwada pa simenti, chifukwa kalaliki wakale anali atachoka ndipo panalibe woitayipa.

Atatuluka, Zeinabu anakumbukira mapepala awiri aja. Kenako anakoka fayilo ija, n'kuika kope la kaboni la oda yake pambali pa pepala la pensulo. M'lifupi manambala anali ofanana. M'litali, kupatula a timawindo ta kuzimbudzi, galasi lililonse limene anaitanitsa linali lalifupi ndi masentimita asanu.

Ngakhale anali watsopano, chimodzi ankachidziwa: galasi lalikulu amatha kulidulanso, koma lalifupi palibe chimene angalichite. Anaikanso mapepala aja m'fayilo, n'kuwatulutsanso, ngati kuti manambala asintha.

Mayi Petronela anaona nkhope yake n'kumufunsa ngati akudwala. Zeinabu anawasonyeza mapepalawo. Iwo anavala magalasi awo a m'maso, anayang'ana, kenako anadzuka kukatseka chitseko cha panja.

Anamuuza motsitsa mawu kuti akhale chete. Pa odayo panali siginecha ya a Namaona, osati yake. Pepala lakale silinakhatchidwe, ndipo limenelo silinali vuto la mwana amene wangobwera kumene. Magalasi akafika mawa n'kukana kukwana, anthu adzalozana zala kwa mlungu wathunthu, ndipo nkhaniyo idzagwera amene anasintha miyeso osaibweretsa bwinobwino mu ofesi.

"Ndiye kuti a Gregorio," anatero Zeinabu.

"Ine sindinatchule munthu," anatero mayi Petronela. "Ndikungokuuza kuti iwe uli pa kuyesedwa, ndipo kwanu akudya kuchokera m'manja mwako."

Zeinabu ankadziwa za a Gregorio zimene aliyense pakampanipo ankadziwa koma osazinena. Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo anakulira kwa amalume awo ku Mulanje. Achinyamata a chipani akabwera kudzaona makadi a umembala, ankayambira iwo, ndipo khadi lawo ankalitembenuza nthawi yaitali kuposa la wina aliyense. M'masiku amenewo holo yopanda magalasi pa tsiku la nduna sikanatengedwa ngati kulakwitsa kwa mu ofesi. Wina akanangonena kuti pali munthu amene wachita dala kuti anyozetse boma, ndipo mawu oterowo akatuluka sankabwezeka. Anthu ankatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo.

Anayang'ana lamya ya patebulo. Pa gudumu loimbira panali kaloko, ndipo kiyi anali m'thumba mwa a Namaona. Komanso akanaimba ku Limbe, ndani akanamumvera? Oda yosainidwa ndi a Namaona ankaisintha ndi a Namaona omwe.

Panja pikapu ya kampani inali kupakira zitseko zomaliza zopita ku holo. Zeinabu anatenga mapepala onse atatu, lakale, la pensulo ndi kope la oda, n'kuwaika mu envulopu. Mayi Petronela anamuuza kuti akachoka pa ofesi popanda chilolezo akhala atawonjezera mlandu wachiwiri pa woyamba. Iye anayankha kuti wamva, ndipo anawapempha kuti aliyense akafunsa amuuze kumene wapita. Anatuluka n'kupempha dalaivala kuti akwere nawo.

Ulendo wa ku Bangwe unatalika. M'tauni munali kale mbendera zing'onozing'ono m'mitengo ya magetsi, ndipo pa Chichiri anawaimitsa kwakanthawi kuti magalimoto odzaza amayi oyimba adutse. Atadutsa ku Limbe, Zeinabu anaona msewu wokhotera ku sitolo ya magalasi ija. Anaganiza zoti mwina pa nthawi yomweyo munthu wina wawerama pa tebulo, akudula galasi potsata manambala ake. Anayesa kukonza mawu oti akanene. Ena amene ankabwera anali oyambira patali: kuti fayilo inali yosokonekera, kuti palibe anamuuza, kuti iye ndi watsopano. Zonsezo zinali zoona, koma anaona kuti akayamba nazo a Namaona adzataya nthawi kufunafuna chimene chachitika. Anaganiza zoyamba ndi chimene chalakwika.

Ku holo kunali piringupiringu. Ena ankapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, amayi ankasesa bwalo, ndipo ana asukulu ankayeserera nyimbo pansi pa mtengo. Mawindo a holoyo anali mabowo okhaokha, mphepo ikulowa uku n'kutulukira uko. A Namaona anaimirira pakhonde ndi bambo wina wojintcha, wa jekete lakuda ndi baji pachifuwa. Dalaivala ananong'oneza kuti ameneyo ndi tcheyamani wa chipani wa dera limenelo.

Zeinabu anaima chapatali, envulopu ili pachifuwa. A Namaona anamuona, nsidze zawo zinakwinyika, koma anapitiriza kumvetsera. Tcheyamani ankaloza mawindo ndi kiyi wa galimoto, akufunsa kuti magalasi ali kuti. Zeinabu anamva a Namaona akulonjeza kuti pofika Lachisanu madzulo zenera lililonse lidzakhala lotseka. Tcheyamani anatembenuka, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kufunsa kuti mtsikanayu akufuna chiyani. A Namaona anati ndi kalaliki wawo, wabweretsa mapepala oti asaine. Tcheyamani anafunsa khadi lake. Zeinabu analitulutsa m'chikwama. Bamboyo analiyang'ana, analibweza, n'kupita kukakalipira opaka laimu.

A Namaona anamutengera kuseri kwa holo, kumene kunali milu ya njerwa zotsala.

"Bwana, ndalakwitsa oda ya magalasi," anatero Zeinabu. "Ndinakopera pepala lakale m'malo mwa la a Gregorio. Magalasi onse ndi afupi ndi masentimita asanu. Ndazindikira m'mawa uno. Mapepala ake ndi awa."

A Namaona anatenga mapepalawo, n'kuwayala pa njerwa, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Kenako anatulutsa tepi m'thumba, napita pa zenera lapafupi, naliyeza okha. Atabwerera, nkhope yawo inali itachita mdima. Anafunsa ngati cholakwikacho chili pa mawindo onse kapena ena okha. Zeinabu anati onse a holo, kupatula timawindo ta kuzimbudzi, timene sitinasinthidwe. Anafunsa kuti wauza ndani. Anati mayi Petronela okha. Anafunsa ngati wayesa kuimba ku Limbe, ndipo iye anati lamya ndi yokhoma.

A Namaona anagwira thumba lawo, mmene munali kiyi uja, n'kupuma mwamphamvu.

"Kwera galimoto," anatero.

Anayendetsa okha, dalaivala atamusiya akutsitsa zitseko. M'njira monse Zeinabu ankayembekeza kuti amukalipira, koma iwo sanatero. Ankangoganiza za mmene akawauzire mayi ake madzulo.

Ku sitolo ya magalasi anawalandira a Ismael, mkulu wa odula, bambo wa ndevu zoyera ndi kofia. A Namaona asanapereke n'komwe moni wokwanira anafunsa kuti oda ya ku Bangwe yafika pati. A Ismael anawatengera kuseri. M'mbali mwa khoma munatsamira magalasi odulidwa kale, pakati pawo ataikamo manyuzipepala. Pa tebulo lalikulu lokutidwa ndi bulangete panali shiti yatsopano ya galasi, wodula ataika kale rula yake. A Namaona anakweza dzanja ndipo munthuyo anaima.

Anawerengera limodzi. Oposa theka anali atadulidwa. A Ismael anapita kukaona mashiti otsala a mamilimita anayi, n'kubwerako akupukusa mutu. Anati otsalawo angakwane mawindo a kutsogolo ndi a mbali yoyang'ana kumsewu basi. Mashiti ena anali m'njira, koma sankayembekeza kuti afika mlungu umenewo. Ananenanso mosabisa kuti odulidwa kalewo kampani iwalipira, chifukwa iwo anadula zimene zinalembedwa. A Namaona anavomera kuti ndi momwemo. A Ismael anawonjezera kuti akanabwera madzulo akanapeza zonse zitatha.

A Namaona anakhala pa benchi, pepala la pensulo lili pa bondo. Zeinabu anaimirira pafupi ndi khomo, osadziwa koika manja. Patapita kanthawi a Namaona anapempha lamya ya m'sitolomo, n'kuimba ku Chirimba. Inalira nthawi yaitali mayi Petronela asanayankhe, ndipo anawatuma kukaitana a Gregorio. Zeinabu ankamva mbali imodzi yokha. A Namaona anafotokoza zimene zachitika osatchula dzina la munthu, n'kufunsa ngati m'shedi muli zitsulo zafulati zokwanira kuwotcherera m'munsi mwa bowo la galasi lililonse, kuti bowolo lifupike ndipo galasi lalifupi likhale bwino. Anakambirana za kukula kwa chitsulocho, za mpata wosiyira phala lomatira magalasi, ndi za makina owotcherera oti apite nawo ku Bangwe, popeza mafelemu anali kale m'makoma. Anagwirizana kuti magalasi afupi apite ku mawindo a kumbuyo ndi a mbali ya kumunda, ndipo mashiti otsala adulidwe pa miyeso yoyenera.

Ataika lamya pansi anatembenukira kwa Zeinabu n'kumuuza kuti alembe oda yatsopano pamanja pomwepo. A Ismael anamupatsa pepala ndi bolopeni. A Namaona ankawerenga nambala mokweza kuchokera pa pepala la pensulo, iye n'kulemba, kenako iye n'kuwerenga mokweza, iwo akutsatira ndi chala. Atamaliza anasaina, koma ulendo uno anayamba awerenganso okha mzere uliwonse. Pa oda yakale analemba mzere waukulu wopingasa.

Panatsala mwini kampani. Atafika ku Chirimba, a Namaona anamuuza Zeinabu kuti akhale pa tebulo lake, iwo n'kulowa okha mu ofesi ya bwana wamkulu. Chitseko chinali chopyapyala. Zeinabu anamva mawu a bwanayo akukwera, akufunsa kuti mtsikana ameneyu anamutenga kuti, ndipo akudikira chiyani osamuthamangitsa lero lomwe. Anamva tebulo likumenyedwa. Mayi Petronela ankalemba m'buku lawo osadzutsa mutu. Kenako anamva mawu a a Namaona, otsika koma omveka.

"Anatayipa ndi iye, koma ndinasaina ndine osawerenga. Pepala lakale ndinalisiya m'fayilo ndine. Ndipo akanakhala chete, tikanadziwa mawa magalasi ali ku Bangwe, tcheyamani ataimirira pomwepo."

Kukalipa kunapitirira, koma tsopano kunali kwa onse awiri.

Lachinayi ndi Lachisanu ofesi inasamukira ku holo. A Gregorio ndi anzawo ankawotcherera zitsulo zija, wina akutsatira ndi penti kuti zifanane ndi felemu. Zeinabu anapatsidwa choko. Galasi lililonse likatsika m'galimoto ankaliyeza ndi tepi, n'kulemba pakona nambala ya zenera lake, kuti lalifupi lisapite kutsogolo. A Gregorio anali atadziwa kale amene analakwitsa. Sanamunene, koma sanamusekererenso monga ankachitira kale. Lachinayi masana anangomuuza kuti galasi amalinyamula choimika, osati chogoneka, n'kumupatsa nsanza yokulunga m'manja.

Lachisanu dzuwa litapendeka tcheyamani anabwera ndi anthu ake kudzayendera. Anayamba kutsogolo, akugogoda magalasi ndi chikhadabo. Anazungulira mbali ya kumsewu. Zeinabu ankapemphera chamumtima kuti abwerere pomwepo, koma anapitirira mpaka kumbuyo, kumene penti inali isanaume. Anaima, n'kuyang'ana zenera limodzi nthawi yaitali, kenako n'kufunsa chifukwa chake mawindo a kuno ali ndi zitsulo zimene akutsogolo alibe. Ankafunsa akuyang'ana a Gregorio.

A Namaona anabwera kutsogolo kwa kapitawo wawo. Anati magalasi ena anadulidwa afupi chifukwa cha kulakwitsa kwa mu ofesi yawo, ndipo kampani yakonza ndi zipangizo zake popanda kuwonjezera mtengo. Anati mawindowo ndi olimba, mvula singalowe, ndipo ngati akuluakulu sakhutira, kampani idzasintha mashiti atsopano akafika.

Tcheyamani anafunsa kuti mu ofesimo analakwitsa ndani.

"Ofesi ndi yanga, bwana," anatero a Namaona.

Ana asukulu kutsogolo anali atayambanso nyimbo yawo. Tcheyamani anadina chala pa phala lomatira, lomwe linali lofewa, n'kusiya chidindo. Anapukuta chalacho pa khoma, n'kunena kuti mwayi wawo ndi woti nduna sidzazungulira kumbuyo, koma iye saiwala nkhope za anthu. Anauza mmodzi wa anthu ake kuti mawa amayi oyimba adzaimirire mbali ya kumsewu, ndipo anachoka. A Gregorio anatenga mpeni wawo n'kusalaza pamene panadinidwa paja.

Holo inatsegulidwa Loweruka. Zeinabu sanapiteko. Anakhala pakhomo akuchapa, wailesi ya oyandikana nawo ikulira, ndipo galimoto iliyonse ikaima mumsewu wa kumtunda ankadzutsa mutu. Mayi ake anali atawauza zonse. Iwo anangofunsa ngati kapitawo uja ali ndi ana, ndipo iye anati ali nawo anayi.

Lolemba a Namaona anamuitanira mu ofesi yawo. Anamupatsa kalata ya chenjezo imene bwana wamkulu analamula, n'kumuuza kuti nthawi yake yoyesedwa yawonjezeredwa ndi mwezi umodzi. Anati nawonso alandira yawo. Zeinabu anasaina. Kenako anamuuza mmene ntchito iziyendera kuyambira tsiku limenelo: pepala lililonse la miyeso lizikhala ndi deti, lakale lizikhatchidwa likangosinthidwa, ndipo oda isanatuluke iye azipita nayo ku shedi kukawerengerana ndi a Gregorio. Anati akapeza mapepala awiri a chinthu chimodzi asamasankhe yekha, azifunsa, ngakhale iwo atakhala kuti ali pa lamya kapena akuthamangira galimoto.

Zeinabu anati wamva, ndipo anapepesa. A Namaona anati kupepesa kwakwana, n'kukankhira kwa iye fayilo ya zitseko za sukulu ina ya ku Machinjiri. Anati oda ya maloko ndi mahinjesi ikufunika isanakwane nthawi ya nkhomaliro.

Atabwerera pa tebulo lake, mayi Petronela anamufunsa osamuyang'ana ngati ntchito ikadalipo. Iye anati ilipo, pakadali pano. Mayiwo anati mwezi umodzi si wautali, n'kupitiriza kulemba. Zeinabu anatsegula fayiloyo, n'kuyala mapepala onse pa tebulo. Limodzi linalibe deti. Analitenga n'kutuluka nalo panja, kumene a Gregorio anawerama pa chitseko chachitsulo, ndipo anaima pambali kudikira kuti azimitse moto.